Dzira la Lamulungu

Mukamayenda Loweruka m'njira yochoka ku Kabudula kulowera cha ku Nsaru, mudzakumana ndi munthu wamtali wovala jekete imene kale inali yoyera. Amayenda mosamala ngati wasenza mtsuko, chonsecho m'manja mwake muli kamtolo ka makoko a chimanga basi. Ameneyo ndi Fabiano Mbewe, ndipo m'makokomo muli mazira. Anthu a m'mbali mwa njira adamuzolowera. Ena amamufuulira kuti, “Asasweke, aMbewe!” Iye amangokweza kamtoloko pang'ono, osachepetsa liwiro.

Fabiano anakwatira Enifa m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru, nakhala pachikamwini monga achitira amuna onse kuno. Analima munda wa apongozi ake, anamanga nyumba, koma mtima wake sunakhazikike. Anzake ankabwera kuchokera ku Halale ali ndi nsapato ndi njinga, iye ali ndi khasu. Enifa ali ndi pakati, Fabiano anamanga bulangete nanyamuka, akuti akabwera mwana asanayambe kuyenda. Ku Halale anapeza ntchito m'khichini mwa mzungu. Kumeneko kuli misewu yowala usiku, kuli madzi otuluka m'khoma, ndipo munthu akazionapo zimenezo fumbi la kwathu limamuyabwa m'maso moyo wake wonse.

M'nyumbamo munali kamwana ka dona, mkazi wa mzunguyo. Ntchito imodzi ya Fabiano inali kukaphikira chakudya, ndipo tsiku lililonse la sabata linali ndi chake. Ankaphika, kukanya, kusefa, kenaka n'kuima poteropo kuonerera kamwana ka eni kakumeza. Iye anali atamva kuti kwawo kwabadwa mtsikana, abambo a ku misoni am'batiza dzina loti Anne. Pokanya mbatata ya kachewere ankayesa kuganiza nkhope ya Anne, koma m'maso mwake munkangobwera ya Enifa.

Uthenga wa maliro unam'peza mochedwa. Unabwera ndi munthu wa ku Mpingu amene anaunena ngati akunena za mvula, poyesa kuti mwini wake adamva kale. Enifa anadwala chifuwa m'dzinja, namwalira mwana akuyamwabe. Fabiano anakwera malole a Ulere, aja onyamula anthu a ntchito osalipiritsa, kwina anayenda pansi, nafika anthu atayamba kukolola.

Apongozi ake, aNankhoma, sanaonane naye maso ndi maso, pakuti mkamwini ndi mpongozi sayang'anana. Analirira kuseri kwa nyumba, iye ali kuno. Amene anabwera ndi mwana anali Janet, mkulu wake wa Enifa, mayi wa ana akeake akuluakulu, wapakamwa pakuthwa ngati chikwakwa.

“Nayu mwana wanu, alamu. Muoneni lero, mwina mawa mukhala mutabwerera kwa azungu anu.”

Anne anali atatha chaka, koma ankapepuka ngati mtolo wa udzu. Tsitsi lake linali lofiirira, lofewa, lothothoka. Masaya anali ofufuma, timapazi totupa, timikono ngati bango. Sanalire. Anangoyang'ana bambo wake ndi maso a Enifa, maso otopa ngati a munthu wamkulu, kenaka n'kutembenuka.

“Akudya chiyani?”

“Adye chiyani mwana? Phala. Musayese tikumumana. Amayi amasankha ufa woyera mbee, wosefa kawiri, umene ngakhale malume sakuulawa. Timapanga lamadzimadzi kuti lisamutsamwe.”

Zinalidi choncho. Chimanga ankachikonola, kuchiviika, kuchitsuka, kuchisinja mpaka ufa woyera ngati mtambo, ndipo pa ufa wonsewo wabwino koposa unali wa Anne. Ankamugoneka pamiyendo, kukhuthulira phala m'dzanja, n'kumamwetsa. Mimba inkadzaza, koma zimene zinkalowamo zinali madzi okhaokha. Palibe ankamuda mwanayo. Chikondi chomwecho ndicho chinkachotsa gaga ndi mtima wa chimanga n'kupatsa nkhuku.

M'mudzi ankati ndi tsempho. Mwana akatupa, ndiye kuti kholo lina lam'sempha, layenda ndi munthu wina nthawi yosayenera. Enifa anali kumanda, ndiye wolakwa akanakhala ndani ngati si uja anali ku Halale? A Laston, malume ake a Enifa, amene anali mwini mbumba, anamuitanira pansi pa mtengo. Anali munthu wofatsa, wokonda kupota chingwe polankhula.

“AMbewe, ine sindikufunsani za kumene munali. Mizu tam'mwetsa, ndipo tipitiriza. Inu khalani nafe mpaka mowa wotsiriza wa maliro, mvula isanagwe. Tikatero tidzakusudzulani, mubwerere kwanu ku Kabudula muli mfulu. Mwana ndi wa mbumba ino, mukudziwa.”

Fabiano ankadziwa. Mkamwini ndi tonde wobwereka: akamubweza, ana a mbuzi amatsala m'khola.

“Ndapempha chinthu chimodzi, malume. Miyezi imeneyi ndizimuphikira ine.”

A Laston anasiya kupota. “Mwamuna pamafuwa? Chabwino, kuseka ndi kwa anthu. Koma mchere musathire ndi dzanja lanu. Sitidziwa ngati muli wotentha kapena wozizira.”

“Sindithira konse. Mwana wamng'ono safuna mchere.”

Choyamba anam'bereka Anne kumsana ndi nsalu ya Enifa napita naye ku chipatala cha misoni. Mayi wothandiza odwala kumeneko anadinikiza chala paphazi la mwana, ndipo chala chitachoka panatsala kadzenje. Anawasunga masiku angapo, akumwetsa mwana mkaka pang'onopang'ono, mpaka kutupa kutayamba kuphwa. Powatulutsa anati mankhwala otsala ali m'nkhokwe ndi m'dimba: adye pang'ono koma kawirikawiri, phala likhale lolimba ndithu, lisakhale la ufa wokhawokha, ndipo akayamba kutsegula m'mimba kapena kutupanso abwere naye msanga.

Fabiano anabwera ku Halale ndi kambale kachitsulo kopakidwa zoyera, kokhala ndi mzere wabuluu m'mphepete, ndiponso kasupuni. Anagula zimenezi akuganiza kuti adzazipereka m'manja mwa Enifa. Analinso ndi chitini cha mkaka wotsekemera ndi mabisiketi, ndipo poyamba ankayesa kuti chipulumutso chili mmenemo, poti n'zochokera kutali. Chitini chinatha sabata isanathe. Anakhala pakhonde akuyang'ana mudzi wopanda sitolo, wopanda karoti, wopanda batala, nautukwana mumtima. Kenaka anaona maungu ataunjikidwa pansi pa nkhokwe, mtedza uli padzuwa, mbuzi ya apongozi ikuyamwitsa kamwana kake.

M'mawa mwake amayi a pamtondo anaona zachilendo: mwamuna wa jekete yoyera atagwira munsi.

“Alamu!” anatero Janet, manja m'chiuno. “Kodi ku Halale anakupatsaninso mabere?”

“Akanandipatsa, bwenzi ndikuvutika ndi mbuzi yanuyi?”

“Mbuzi? Mwakama mbuzi? Mayo ine! Mwana wa mng'ono wanga adzayamba kulira kuti mee!”

Anaseka onse. Fabiano anasinja chimanga chouma chosakonola, gaga ndi mtima zili momwemo, nasefa mpaka ufa wosalala. Unali wakuda poyerekeza ndi wa apongozi, ndipo amayi anati ndi chakudya cha m'chaka cha njala. Anakazinga mtedza pang'ono, nachotsa wonse wowola ndi wankhungu, nausinja nsinjiro yosalala, yopanda kachidutswa koti n'kutsamwa mwana. Mkaka wa mbuzi anauwiritsa kaye. Phala analiphika mpaka kupsa bwino, lolimba moti ukapendeketsa supuni limatsika mozengereza. Anasamba m'manja, nasambitsanso a mwana, namukhazika tsonga pamwendo pake.

Anne anatseka pakamwa. Anatembenukira uku, anatembenukira uko. Fabiano sanamutsine mphuno monga achitira ena. Anadikira. Posowa chochita anayamba kuimba likhweru, kanyimbo kena ka m'galamafoni ya dona kamene mawu ake sankawadziwa. Mwana anatembenuka kuti aone kumene kukuchokera phokoso, pakamwa pali yasa, ndipo supuni inalowa. Tsiku limenelo anadya timasupuni towerengeka. Fabiano anadya yekha zotsalazo, pakuti phala lokhalitsa mwana sapatsidwa, naphikanso lina dzuwa litakwera, lina masana, lina madzulo.

Sanathamange. Chakudya chatsopano ankachiyamba chimodzi, n'kuona masiku angapo ngati mimba yachilandira. Mwezi utatha, sabata ya Anne inali itaima payokha, monga inkaimira ya kamwana ka dona. M'mawa uliwonse linali phala lija la mkaka. Chosintha chinali cha masana, ndipo madzulo ankaphikanso chomwecho pang'ono. Lolemba, phala lothira nsinjiro yambiri. Lachiwiri, dzungu lophika, lokanya ndi mkaka mpaka lofewa ngati chiphalaphala. Lachitatu linali la chipere: nyemba zoviika, zosupula makungu imodziimodzi, zophika mpaka kusungunuka, ndi kansima kofewa. Limeneli ndilo linkamudyera nthawi, ndipo Janet ankati munthu wosupula nyemba chotere akanayenera kukhala sisitere. Lachinayi, futali wa mbatata ndi nsinjiro. Lachisanu, poti Akatolika sadya nyama, anali matemba ouma ogula kwa anthu a njinga, okazinga, osinja ndi kusefa kuti pasatsale kamunga, n'kuwaza m'phala. Loweruka, nkhwani wanthete wotendera, woduladula ndi kupota mpaka usaoneke tsamba. Nkhwani ukatha m'munda, bonongwe wa kudimba kapena mfutso. Pakati pa zakudyazi, nthochi yakupsa yokanya kapena papaya, ndi madzi owiritsa m'chikho chakechake.

Linatsala Lamulungu.

Atabwera kutchalitchi tsiku lina, Janet anam'peza akusenda dzira lowiritsa. Nthabwala zinathera pomwepo.

“Alamu, ilo ndiye ayi. Dzira mwana sadya. Mukufuna adzagwe khunyu? Komanso ndi mtsikana uyu, adzavutika pobereka.”

Kuseri kwa nyumba kunamveka mawu a aNankhoma, akulankhula ngati akuuza khoma. “Muuzeni mwana wa eniyo kuti ndaika kale mmodzi m'manda. Uyu ndi amene wandisiyira nkhope yake. Asandilande.”

Fabiano anagwada, nkhope atalozetsa kwina monga mwa ulemu, nayankha khoma lomwelo. “Auzeni amayi kuti nanenso nkhope imeneyo ndilibe kwina koionera. Kumene ndinali, kamwana kankadya dzira pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo ndinakasiya kakuthamanga. Ndikupempha la Lamulungu lokha. Akagwa khunyu, musadzandisudzule, mudzandipirikitse ngati galu.”

Kuseri kunamveka kufwenthera ndi mapazi akuchoka. Sanavomere, koma sanaletse. Fabiano anaphwanya dzira lopsa bwinolo, nalikanya m'phala, napatsa mwana theka. Sabata yonseyo Janet ankam'yang'anitsitsa Anne ngati mphika wa mkaka pamoto. Lamulungu linalo anadya lonse. Lamulungu lachitatu, Fabiano anapeza dzira pakhomo pake m'mawa, litaikidwa m'chipande chimene ankachidziwa kuti ndi cha apongozi. Nkhani ya dzira sinakambidwenso.

Chisanu chinatha, kunayamba kutentha. Tsitsi la Anne linamera lakuda kunsi, lofiira lija lili kunsonga ngati udzu wopserera. Anayamba kukwawa mothamanga, kugwira mtondo n'kuima, kulanda supuni n'kudzipaka phala m'makutu. A Laston anati mizu yagwira ntchito. Fabiano sanatsutse. Anali ndi nkhawa ina.

Mwanayo sankadya m'dzanja la wina aliyense. Tsiku lina Fabiano anapita kukathandiza kufolera nyumba kutsidya la dambo, nasiya zonse zophikaphika. Pobwera anapeza futali ali m'kambale wosakhudzidwa, Anne atalira mpaka mawu kusasa, Janet thukuta lili kamukamu.

“Tengani mwana wanu! Ndayesa kuimba, ndayesa kuvina, ndatsala pang'ono kuvala jekete yanuyo. Akufuna inu.”

Mawu amenewo anam'tsekemera Fabiano mpaka m'mafupa. Anam'nyamula, naimba likhweru, mwana nadya akusisima, kadzanja katagwira kolala ya jekete. M'dziko lonse lapansi, ku Halale ndi kuno komwe, panali munthu mmodzi amene ankafuna iye, osati wina. Koma akudyetsa chomwecho anaona pabwalo mphasa zitayalidwa, chimera cha mowa wa maliro chili padzuwa.

Akanatha kuzisiya choncho. Anaziganizira ndithu. Mwana akapitiriza kukana, mwina a Laston akanazengereza kumusudzula, mwina chaka china. Koma mwambo sudikira supuni ya mwana, ndipo ngakhale akanaudikiritsa, tsiku lake likanafikabe, Anne ali wozolowera dzanja limodzi lokha. Anakumbuka kadzenje kaja kotsala paphazi.

“Alamu,” anatero m'mawa mwake, “kuyambira lero muziphika ndinu. Ine ndizingoonerera.”

“Ha! Ndiphunzitsidwe kuphika ndi mwamuna? Ana anga anakula ndi chiyani, mphepo?”

“Anakula ndi bere la mayi wawo mpaka atayamba kuthamanga. Uyu alibe.”

Janet anatenga mthiko.

Masiku sankamusokoneza, poti ankawerenga kuyambira pa dzira: dzira ndi tsiku la tchalitchi, likatha dzira nsinjiro, kenaka dzungu, nyemba, mbatata, matemba, ndiwo zamasamba, dziranso. Maungu atatha, anaika mbatata kawiri. Chimene chinkamuvuta ndi dzanja lozolowera kuwonjeza madzi.

“Lalimba ili, alamu, limutsamwa.”

“Pendeketsani supuni. Likathamanga ngati mvula, ndi madzi. Liziyenda ngati nkhalamba yopita kumunda.”

“Ngati inuyo pobwera ku Halale, eti?”

Fabiano anavomera kuti amulase, poti zinali zoona.

Kudyetsa ndiko kunali ntchito. Poyamba Anne ankakhala pamwendo pa bambo wake, supuni ili m'dzanja la Janet. Atazolowera, anam'khazika pamwendo pa Janet, Fabiano ali pambali akuimba likhweru. Masiku otsatira Fabiano ankasuntha pang'onopang'ono: pakhonde, pamtondo, mpaka kuseri kwa nkhokwe kumene mwana sankamuona, likhweru lokha likumveka. Anne ankatembenuka kufunafuna, n'kutsegula pakamwa.

Mowa utatsala pang'ono kupsa, linafika Lamulungu. Fabiano anaima kuseri kwa nkhokwe akusuzumira pampata wa nsungwi. Janet anasamba m'manja, nakanya dzira m'phala, nayesa kutentha kwake pamkono. Fabiano anayamba kanyimbo kaja. Supuni yoyamba inalowa, yachiwiri inalowa. Pakati pa nyimbo anasiya.

Anne anaimitsa mutu. Anayang'ana kunkhokwe, milomo ikunjenjemera. Mtima wa Fabiano unkakuwa kuti, lira, mwana wanga, ndiitane. Milomo yake anali ataisongola kale kuti ayambirenso. Anailuma.

“Aa, mayi,” anatero Janet motsitsa, mawu amene Fabiano anali asanawamvepo pakamwa pake. “Yasamulani, mayi wanga. Onani nkhuku iyo ikufuna kukulandani. Fyaa, nkhuku! N'cha Anne ichi.”

Mwana anayang'ana nkhuku, anayang'ana supuni, nayasama. Anadya mpaka mzere wabuluu kuonekera pozungulira ponse, kenaka analanda kambale n'kumanyambita. Kunkhokwe sanayang'anenso. Fabiano anakhala pansi pomwepo, pakati pa zitsononkho, ndipo anatulukako dzuwa litapendeka.

Anamusudzula sabata yomweyo. A Laston analankhula mawu ake mwachidule, kuti mwana wa eni wakhala bwino, alibe mlandu pamudzi pano, apite akakwatire kumene angafune. Atatha anawonjeza zimene sizili m'mwambo: “Njira simera udzu, aMbewe, ngati mwini akuipita.” Fabiano anamanga bulangete lake. Kambale ndi kasupuni anazisiya patsindwi la khonde la Janet. Anachoka Anne ali m'tulo ta masana, poopa kuti angalire, ndiponso poopa kuti mwina salira.

Ku Halale sanabwererenso, ngakhale mpaka lero akamva lole ikulira pamsewu amaimitsa khasu. Amakhala kwa mlongo wake ku Kabudula, amalima fodya pang'ono, amaweta nkhuku. Akazi am'funira, iye amati adikire kaye. Loweruka amakulunga mazira m'makoko n'kuyamba ulendo, kukagona kwa mnzake pafupi ndi mudzi uja, poti nyumba imene anamanga ndi Enifa adaigwetsa monga mwa mwambo. Janet amamuuza nthawi zonse kuti nkhuku zilipo, apongozi anasiya kale kuwerengera mazira, asamadzivute.

“Ndikudziwa, alamu.”

“Nanga mukuferanji ndi dzuwa?”

“Za kuno zimaikira ang'onoang'ono.”

“Bodza lanu lomwe lija la ku Halale. Khalani apo, musamutsekereze.”

Anne tsopano amathamanga, ndipo ali ndi masaya a mayi ake. Amadya yekha, atakhala pamphasa, kambale kali pakati pa miyendo. Akamaitana Janet amati amayi. Munthu wa jekete amamudziwa kuti ndi uja amabwera ndi dzira, ndipo akauzidwa amagwada n'kulandira ndi manja awiri, monga achitira mwana woleredwa bwino kwa mlendo. Fabiano amakhala pachitsa chapatali pang'ono, chipewa pabondo, kuonerera supuni ikukwera ndi kutsika. Nthawi zina, osadziwa, amayamba kalikhweru kaja. Mwana amadzutsa mutu, n'kumuyang'ana kanthawi ngati akufuna kukumbuka kumene anakamva, kenaka amabwerera ku phala lake.